Ndiwalembere chiyani anzanga amene akudana ndi nkhope yawo pa chithunzi?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 72, ndipo ndikupempha nzeru pa kalata imene ndalembera anzanga a zaka 65 koma ndikuopa kuitumiza. Tadziwana kwa zaka zoposa 40. Mwezi wathawu, pa ukwati wa mdzukulu wawo, anakana kujambulitsa ndi banja lawo, ndipo ataona chithunzi chimene mwana wina anawajambula iwo osadziwa, anamuuza kuti achifufute pomwepo. Madzulo ake anandiuza, misozi ikulengeza m'maso, kuti pa kalilole amatha kudzipirira, koma pa chithunzi amaona nkhalamba yachilendo ya mphuno yaikulu, maso olowa ndi masaya ogwa.

Malemu amuna anga ankagwira ntchito yojambula zithunzi ndipo ndinkawathandiza, choncho kalata yanga yayamba ndi zimene ndikuzidziwa. Kalilole amationetsa nkhope yotembenuzidwa, ndipo ndi imene timaizolowera moyo wathu wonse. Popeza mbali ziwiri za nkhope ya munthu sizifanana ndendende, chithunzi chikationetsa mmene ena amationera, mwini wake amaona ngati pakamwa kapena mphuno zapendekeka, pamene kwa ena onse palibe chachilendo. Ndafotokozanso za mtunda. Munthu akadzijambula yekha foni ili pafupi ndi nkhope, mphuno imakhala pafupi kwambiri ndi kamera kusiyana ndi makutu, motero imaoneka yaikulu ndipo mbali za nkhope zimabwerera m'mbuyo. Kuwala kochokera pamwamba, monga dzuwa la masana kapena babu la kudenga, kumaika mthunzi m'munsi mwa maso ndi m'khwinya lililonse, ndipo foni ikakhala m'munsi mwa chibwano imaonetsa khungu lolendewera la pakhosi.

Kuti asaganize kuti ndikungowasangalatsa, ndinayesa pa nkhope yanga. Chithunzi choyamba ndinadzijambula ndekha nditaima pansi pa babu, foni ili m'manja. Chachiwiri anandijambula mdzukulu wanga patapita mphindi zochepa, nditakhala moyang'ana zenera lolowetsa kuwala kofewa, iye ataima mamita awiri kuchokera pamene ndinali, foni ili mulingo wa maso anga. Pa chachiwirichi mphuno inabwerera kukula kwake, maso anawala, ndipo ndinadzizindikira. Komabe makwinya analipo, imvi zinalipo, ndipo apa ndi pamene pagona vuto langa.

Sindingathe kuwauza kuti zonse ndi mlandu wa kamera, chifukwa si zoona. Mayi akasiya kusamba, khungu limayamba kupyapyala ndi kuuma, mafuta a m'masaya amachepa ndi kutsika, ndipo nkhope imasinthadi. Anthu onse amawauza kuti sanasinthe, iwo sakhulupirira, ndipo ine ndikuona kuti mawu amenewa ndi amene akuwasiya okhaokha ndi chisoni chawo. M'kalatamo ndalemba poyera kuti asintha, kuti inenso ndinapita m'chigwa chomwecho ndili ndi zaka ngati zawo, ndipo kuti nkhope imene akuikanayo ndi imene ine ndimasangalala kuiona ikamalowa pakhomo panga. Mwana wanga wamkazi atawerenga anati ndichotse ndime imeneyi, chifukwa munthu wosweka mtima adzangomva mawu akuti asintha, ena onsewo sadzawamva. Anatinso kuwaphunzitsa kaimidwe pojambulitsa kuli ngati kuvomereza kuti pali choyenera kubisa.

Pali zina ziwiri zimene sindinalembe. Anzangawa anandionetsa mafuta oyeretsa khungu amene ayamba kudzola kuti achotse mawanga, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa mafuta oterewa amakhala ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu ndi kusiya zigamba zakuda m'masaya akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali. Komanso mayi anga anamwalira atasiya chithunzi chimodzi chokha, chosaoneka bwino, ndipo ndimalakalaka nditawauza anzangawa mmene zimenezi zimandipwetekera, koma ndikuopa kuti aona ngati ndikuwakakamiza kujambulitsa powakumbutsa imfa.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi nditumize kalatayi ndi zithunzi ziwirizi, kapena ndipite ndikakhale nawo pansi ndi kuwamvetsera kaye? Kodi ndime yonena kuti asintha ndiichotse? Amuna awo anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo tsopano ayamba kujomba kumisonkhano kumene akudziwa kuti kukakhala kujambulana. Ndingadziwe bwanji ngati nkhaniyi yaposa ya zithunzi ndipo akufunika kuonana ndi dokotala kapena mlangizi, nanga ndingawauze motani popanda kuwononga ubwenzi wathu?

Ine wanu,
Mayi wodera nkhawa mnzake