Bambo eni shopu ya zipangizo za foni pa Kasungu, timahedifoni tanu si togona nato, ndibwezereni ndalama zanga

Bambo, ndalemba pagulu chifukwa ku WhatsApp mauthenga anga mukungowawerenga osayankha, ndipo nditabwera kushopu achimwene amene mumawasiya pakauntala anangondilozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Dzina la shopu sindilitchula, koma inu mukudzidziwa, ndipo lisiti lanu la K48,000 ndili nalo.

Ndinagula kwa inu timahedifoni topanda chingwe timene mumatitsatsa kuti ndi togona nato. Munalemba zinthu ziwiri: kuti batire lake limakhala maola 24, komanso kuti munthu wogona chammbali samva kuwawa. Ziwiri zimenezi ndi zimene zinandigulitsa. Nyumba yathu ili pafupi ndi msewu wa M1, ndipo usiku wonse mathiraki amadutsa, kuwonjezera apo nyimbo za kumalo omwera mowa. Ine ndine woyembekezera, miyezi yapita, ndipo kusikelo anatiuza kuti tizigona chammbali, tisiye kugona chagada. Tulo tinali titavuta kale. Ndinkangofuna kumamvera kaphokoso ka mvula chapansipansi kuti mathiraki asamandidzidzimutse. Zonsezi ndinawafotokozera achimwene aja ndisanapereke ndalama, iwo n'kuyankha kuti, "Mayi, tengani iti, mugona mpaka kucha."

Tiyambe ndi maola 24 aja. Ndikativala cha m'ma 9 koloko usiku, timazima 1 koloko isanakwane. Sitizimanso mwakachetechete. Batire likatsala pang'ono, m'khutu mumatuluka mawu a mzimayi olankhula Chingerezi, okwera kuposa kaphokoso ka mvula kaja, kuchenjeza kuti moto watha, ndipo amabwerezabwereza mpaka titazimiratu. Munthu unali utangogona bwino, umadzuka mtima ukugunda kwambiri. Kenako umakhala maso kumvetsera thiraki iliyonse mpaka atambala kulira. Chipangizo chothandiza kugona chingamadzutse munthu pakati pausiku?

Nditaona choncho ndinatenga katoni yake n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Palembedwa kuti kahedifoni kalikonse kali ndi batire la 30 mAh ndipo kamayimba maola 4, pomwe kabokosi kotchajira kali ndi 300 mAh. Apa ndi pamene pachokera 24 wanu uja. Tiwiri tonse timafuna 60 mAh kuti tidzaze, ndiye papepala kabokosi kangathe kutidzaza kasanu. Kasanu kuchulukitsa ndi maola 4 ndi 20, kuphatikiza 4 oyamba aja, 24. Kunena kwina, maolawo amakwana pokhapokha munthu azidzuka, kutivula, kutibwezera m'kabokosi, kudikira kuti tidzaze, n'kuvalanso. Ndipo ngakhale kasanu kameneko n'kapapepala chabe, chifukwa moto wina umatayika posamuka kuchoka m'batire lina kulowa m'linzake. Kwa munthu woyenda masana, amene amamvera nyimbo m'minibasi kenako n'kutiponya m'thumba, kuwerenga kotereku kulibe vuto. Kwa wogona, nambala yofunika ndi imodzi yokha: maola amene timayimba osatichotsa m'khutu. Ikachepera 8, usiku sitiufikitsa.

Achimwene aja anandiuza kuti ndizitsitsa mawu. Ndinatsitsa mpaka kaphokoso kankangomveka patalipatali, koma zinangowonjezera mphindi zochepa. Chimene chimadya batire kwambiri pamenepa ndi Bluetooth, chifukwa kahedifoni kamakhala kakulandira mawu kuchokera kufoni mosalekeza. Togona nato tenitenti, ena amatipanga kuti timawu ta mvula kapena ta mtsinje tizisungidwa m'kati mwa kahedifoni momwemo, foni n'kuleka kutumiza, ndipo batire limakhalitsa. Timakhalanso ndi pozimitsira machenjezo aja kuti asamalire usiku. Tanuti tilibe chilichonse mwa zimenezi. Nditawafunsa achimwene, anandiuza kuti ndizivala kamodzi, kakatha ndidzuke ndisinthe kanzake. Ndiye kuti ndinalipira K48,000 kuti ndizidzuka 1 koloko kufufuza kabokosi mumdima?

Nkhani ya kuwawa ndi imene yandipweteka mtima kwambiri, chifukwa iyi simungati simunkaidziwa. Aliyense wotigwira m'manja aona. Kahedifoni kanu n'kokhuthala, kouma, ndipo ukakavala kamatumphukira kunja kwa khutu. Ukagonera mbali imeneyo, kulemera konse kwa mutu kumathera pa kanthu kameneka, pilo n'kumakakankhira m'kati. Poyamba umangomva kutentha, pakapita ola umamva ngati wagonera kamwala. M'mawa kafupa kofewa ka kutsogolo kwa bowo la khutu kamakhala kofiira, kowawa ukangokakhudza, ndipo tsiku lina ndinalephera ngakhale kuika foni kukhutu la kumanzere. Njira yoyesera ndi yosavuta ndipo ikanatheka pakauntala panu pomwepo: munthu avale, kenako asanjike chikhatho pakhutu n'kudinikiza pang'ono. Chikhatho chikayamba kukhudza kahedifoni chisanakhudze khutu, ndiye kuti pilo adzachitanso chimodzimodzi usiku wonse. Togonera chammbali timayenera kubisala m'kadzenje ka khutu, tikhale topyapyala, tokutidwa ndi labala wofewa. Ine munandikaniza kutsegula katoni ndisanalipire.

M'katonimo munalinso timalabala ta kunsonga ta saizi imodzi yokha, pomwe pachithunzi chake pali masaizi atatu. Tomwe ndinapezamo n'tatikulu kwa ine, ndiye sitikhazikika. Kahedifoni kakapanda kutseka bwino khutu, phokoso la msewu limalowa, munthu umakweza mawu, batire n'kuthanso msanga, ndipo mawu okwera usiku wonse si abwino kumakutu. Ka kukhutu la pamwamba kamagwa ndikangotembenuka. Mwayi wake neti ya udzudzu ndimaipisa pansi pa matiresi, apo ayi bwenzi kamodzi katasowa kale.

Chinanso, timahedifoni timeneti timalamulidwa pongotikhudza. Tsaya kapena dzanja likakanikiza potembenuka, mawu amaima, mwina amalumphira nyimbo ina. Usiku wina ndinangomva kwaya ikuimba mokweza m'mutu. Pozimitsira kukhudzako palibe. Palinso kanyali kabuluu kamene kamaphethira m'chipinda, moti bambo a kunyumba anafika pofunsa ngati m'neti mwalowa chiphaniphani. Nditafotokoza zonsezi, yankho la achimwene linali lakuti, "Ndiye muzigona chagada, mayi." Anandiuza zimenezi akundiona ndi maso mmene ndililimu. Apa ndi pamene ndinaona kuti kushopu kwanu munthu mumamulemekeza asanalipire basi.

Kutchaja nakonso kuli ndi zake zimene simunandiuze. Foni timaitchaja usiku, koma timahedifoni togona nato timafuna kudzaza masana, nthawi imene magetsi amakonda kuzima. Ndinafunsa ngati kabokosi kangatchajike pa pawabanki, munati inde. Ndikalumikiza chingwe cha USB-C, kanyali kamayaka kanthawi kochepa n'kuzima. Mnyamata wina wokonza mafoni mumsika anandifotokozera chifukwa chake: kabokosi kamakoka moto wochepa kwambiri, ndiye mapawabanki ambiri amayesa kuti palibe chimene chalumikizidwa, n'kudzizimitsa okha. Ena ali ndi njira yotchajira tinthu ting'onoting'ono, umadina batani kawiri kapena kuligwira kanthawi, koma anga alibe. Zimatheka ndikalumikiza foni ndi kabokosi nthawi imodzi. Vuto limeneli si inu munalipanga, ndikudziwa, koma munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku sayankha inde pa chinthu chimene sanayesepo.

Ndipo kabokosi kakatheratu moto, timahedifoni timadziyatsa tokha tili m'kati momwemo n'kulumikizana ndi foni. Foni imalira ine osamva, chifukwa mawu akupita m'kabokosi kali patebulo, ndipo pofika madzulo tonse tiwiri tilibe moto. Ka kumanzere nthawi zambiri sikadzaza ngakhale kabokosi kali ndi moto. Musandiuze za phula la m'khutu, chifukwa mnyamata uja anapukuta timadontho tachitsulo ta pansi pake ndi kathonje konyowetsa sipiriti, n'kupukutanso timapini ta m'kabokosi. Anandionetsa kuti kapini kamodzi kanalowa m'kati ndipo sikabwereranso m'mwamba ngati tinzake, choncho sikafikira pakadontho kake. Ndikakanikiza kahedifoni ndi chala, kanyali kofiira kamayaka, ndikachotsa chala kamazima. Vuto limeneli linayamba sabata yoyamba, ndipo uthenga umene ndinakutumizirani nthawi imeneyo, pamodzi ndi kavidiyo kake, udakali m'foni mwanga.

Za chikwangwani chanu chija, bungwe la CFTC, limene limaona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda m'dziko muno, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kulemba zoti katundu wogulidwa sabwezedwa n'kulakwira malamulo, ndipo kutsatsa malonda mosocheretsa ogula n'kulakwanso. Ndikanakhala kuti ndangosintha maganizo, bwenzi nditakhala chete. Koma apa katundu ali ndi chilema, ndipo sakuchita zimene munalemba.

Anzanga amene mukufuna kugula zoterezi, makamaka amayi anzanga a kusikelo amene ndinawauza mosangalala tsiku limene ndinagula, funsani maola a kahedifoni pakokha popanda kuwerengera kabokosi, ndipo muone nokha pakatoni. Muyese ndi chikhatho pakhutu musanalipire. Wogulitsa akakana kutsegula katoni, ndalama zanu zibwerere m'chikwama.

Bambo, chimene ndikupempha n'chakuti mundibwezere K48,000 yanga. Kusinthitsa ndi tina ta mtundu womwewu sindikufuna, chifukwa ngakhale kapini katakhala bwino, maola adzakhalabe 4 ndipo khutu lidzawawabe. Ndikupemphanso kuti muchotse mawu oti togona nato pamalonda anuwo, mulembe maola enieni, anthu azigula akudziwa kuti n'tomvera nyimbo masana. Katoni, chingwe, timalabala ndi lisiti zonse zilipo, ndipo ndibwera nazo kushopu Loweruka m'mawa. Ndikufuna ndidzapeze inuyo, osati achimwene aja. Mukadzakana kapena kusowa, Lolemba dandaulo langa lipita ku CFTC pamodzi ndi chithunzi cha malonda anu, kavidiyo ka kapini ndi mauthenga onse amene simunayankhe.