Ndigulitse makatoni angati a sopo kuti ndisaluze?

Okondedwa Alangizi,

Ndili ndi kafakitale kakang'ono kopanga sopo, ndipo ndikupempha kuti mundiunikire pa kawerengedwe ka makatoni amene ndiyenera kugulitsa pamwezi kuti ndalama zolowa zifanane ndi zotuluka, popanda phindu komanso popanda kuluza.

Pali ndalama zimene zimatuluka mwezi uliwonse, kaya tapanga sopo wambiri kaya sitinapange n'komwe. Lendi ndi 150,000 ndipo malipiro a wantchito wokhazikika ndi 200,000. Makina ndinagula pa 3,000,000 ndipo ndikuyembekeza kuti agwira ntchito zaka zisanu, choncho ndimawerengera 50,000 pamwezi ngati kutha kwake. Zonsezi pamodzi ndi 400,000. Palinso ndalama zimene zimakwera kapena kutsika malinga ndi sopo amene tapanga, monga za mafuta, soda, zokutira ndi malipiro a aganyu olongedza, ndipo zimenezi zimakwana 6,000 pa katoni iliyonse. Popeza katoni ndimagulitsa 10,000, pamatsala 4,000 yothandiza kulipira ndalama zosasintha zija. Ndikagawa 400,000 ndi 4,000 ndimapeza makatoni 100.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndimagulitsa makatoni pafupifupi 120, kutanthauza kuti makatoni 20 apamwambawo ayenera kundipatsa phindu la 80,000, koma ndalama yotere siioneka mwezi ukatha.

Ndikukayikira magetsi, amene mpaka pano ali kunja kwa masamuwa chifukwa sakukwanira bwino mbali iliyonse. Mwezi umene tinapanga makatoni 80 ndinalipira 46,000, pamene mwezi wa makatoni 140 ndinalipira 58,000. Makatoni 60 owonjezerawo anakweza bilu ndi 12,000, ndiye kuti katoni iliyonse imadya magetsi a 200, ndipo 30,000 yotsalayo ndi ya nyale ndi zina zoyaka nthawi zonse. Ngati ndalondola, ndalama zosasintha zikufika 430,000, yotsala pa katoni ikutsika kufika 3,800, ndipo ndiyenera kugulitsa makatoni 114 osati 100. Phindu la makatoni 120 likungokhala 26,000 basi. Kodi kugawa bilu motere, pongoyerekeza miyezi iwiri, n'kodalirika?

Funso lachiwiri likundivuta kwambiri. Ineyo ndimagwira ntchito m'fakitalemo tsiku lonse koma sindidzilipira. Ndikadziikira malipiro a 190,000 pa ndalama zosasintha, ndiye kuti pakufunika makatoni ena 50, ndipo chiwerengero chifika 164, chimene makina anga sanafikepo. Mtima wanga ukundiuza kuti bizinesi imene ikuoneka yopindula chifukwa choti mwini wake akugwira ntchito yaulere siinayambe kupindula. Kodi malipiro angawo ndiwaike m'masamuwa, kapena ndizingotenga pa phindu likapezeka? Ndipo ngati ndiyenera kuwaikamo, ndiyambe n'kukweza mtengo wa katoni kapena kufunafuna zipangizo zotsikirako mtengo?

Ine wanu,
Wopanga sopo wodandaula