Lipoti la msonkhano wa ku boma: ndondomeko yotsitsimutsa dashibodi ya chiwerengero cha odwala mwezi ndi mwezi

Anzathu a pachipatala chathu, munatituma awiri ku msonkhano wa makalaliki a deta ndi ma inichaji a zipatala zazing'ono. Nkhani zinalipo zingapo, koma yomwe yatikhudza kwambiri ndi ya dashibodi ya mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yomwe timalowetsamo malipoti a chipatala, ija timaiyang'ana pa msonkhano wathu wa mwezi n'kumatsutsana kuti nambala ya odwala ndi yoona kapena ayi. Tabwerako ndi ndondomeko yolembedwa, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti nambala ikaoneka yachilendo tisathamangire kuikonza pakompyuta. Tiziilondola chobwerera, kuchoka pa dashibodi, kupita pa zomwe zinalowetsedwa, kenako pa fomu, mpaka kukafika mu rejisita.

Tiyambe ndi chinthu chomwe ambiri mumsonkhanomo sankachidziwa. Dashibodi siwerenga mwachindunji manambala omwe kalaliki walowetsa mu Data Entry. Imawerenga matebulo ena omwe seva imachita kuwamanga, omwe pakompyuta amalembedwa kuti Analytics tables, ndipo kawirikawiri ntchito yowamangayo imaikidwa kuti izichitika yokha usiku. Ndiye kuti kalaliki akalowetsa lipoti Lachiwiri masana, ndi zotheka kuti dashibodi isonyezebe zakale mpaka Lachitatu m'mawa. Ife a pachipatala tilibe chilolezo choyendetsa matebulowo. Kudina batani lotsitsimutsa tsamba kakhumi sikusintha kanthu. Madandaulo ambiri akuti dashibodi yafa amathera pomwepa.

Ntchito ya mwezi imayamba tsiku lomaliza la mwezi, chipatala chikatseka. Wolemba mu rejisita ya OPD ajambule mzere pansi pa wodwala womaliza, alembe deti ndi kusaina. Mzerewu ukasowa, odwala a pa 1 ndi pa 2 mwezi watsopano amalowa mu lipoti la mwezi watha, kenako n'kudzawerengedwanso kachiwiri. M'mawa mwake asonkhanitse marejisita onse pa tebulo limodzi asanayambe kuwerenga: ya chipinda choyamba, ya chipinda chachiwiri ngati madokotala anali awiri, ya usiku ndi ya kumapeto kwa sabata, komanso buku lomwe linadzaza pakati pa mwezi n'kuikidwa mu kabati. Buku lodzazalo ndiye limaiwalika kwambiri. Owerenga akhale awiri, aliyense payekha, tsamba ndi tsamba, akulemba chiwerengero cha tsamba m'munsi ndi pensulo. Akasiyana, abwereze tsamba lomwe asiyanalo, osati buku lonse.

Pali njira yachidule yodziyesa ngati rejisita ili ndi manambala otsatizana a odwala. Tengani nambala ya wodwala womaliza, chotserani ya woyamba, onjezerani 1. Ngati woyamba wa mwezi anali 3,021 ndipo womaliza 4,710, odwala ayenera kukhala 1,690. Mukapeza kusiyana kwa atatu kapena anayi, mwina ndi mizere yofufutidwa. Mukapeza kusiyana kofanana ndendende ndi kuchuluka kwa mizere ya tsamba limodzi, ndiye kuti masamba awiri anamatana ndipo munawatembenuza pamodzi.

Fomu ikadzazidwa, a inichaji ayione ndi kusaina isanapite kulikonse. Tinagwirizana kuti izikhala yatha pofika pa 5, kuti kulowetsa ndi kukonza zonse kuthe pasanafike pa 15. Polowetsa, kalaliki aonetsetse zinthu zitatu za pamwamba pa tsamba asanalembe nambala ngakhale imodzi: dzina la chipatala, dzina la lipoti, ndi mwezi pamodzi ndi chaka chake. Mu Januwale ndi momwe ambiri amalakwitsa chaka, chifukwa lipoti la Disembala ndi la chaka chatha. Bokosi likasanduka lobiriwira ndiye kuti nambala yafika pa seva. Netiweki ikaduka pakati, Data Entry yakale ija imasunga manambala mukompyuta momwemo n'kuonetsa batani la Upload pamwamba. Apa otsogolera anabwereza kawiri: musayendetse Browser Cache Cleaner musanadine Upload, chifukwa mutha kufufuta ntchito ya tsiku lonse yomwe sinafike pa seva. Pomaliza adine Run validation, aone zomwe zatuluka, kenako Complete. Batani la Complete silisunga manambala, iwo amakhala asungidwa kale. Ntchito yake ndi kuuza a ku boma kuti lipoti laperekedwa, ndipo mukaliiwala chipatala chimaoneka ngati sichinatumize ngakhale manambala alimo.

Tsiku lotsatira ndi pomwe timatsegula dashibodi n'kufananitsa ndi fomu. Tisafananitse mwezi uno ndi mwezi watha wokha. Kuno odwala amachuluka nthawi ya mvula chifukwa cha malungo, ndiye Malichi kuposa Seputembala si nkhani. Fananitsani Malichi ndi Malichi wa chaka chatha, kenako ndi miyezi itatu yapitayo.

Chitsanzo chomwe tinachigwira m'magulu ndi ichi, ndipo manambala ake ndi ongophunzirira, si a chipatala chenicheni. Dashibodi ikusonyeza odwala 2,870 mu Malichi. Febuluwale anali 1,510, Malichi wa chaka chatha 1,640. Magulu ena anangolumphira kunena kuti kwabuka mliri. Koma funso loyamba ndi lakuti, ngati odwala anachulukadi pafupifupi kawiri, china n'chiyani chikanasintha? Zoyezera malungo za pachala zikanatha msanga, mankhwala a malungo a LA akanatuluka ochuluka ku famase, ndipo anamwino akanadandaula mwezi usanathe. Mu chitsanzocho oyezedwa malungo ndi mankhwala otuluka zinangokwera pang'ono. Apa ndiye kukayikira kumachoka pa matenda n'kupita pa nambala.

Choyamba tinaona pa dashibodi pomwepo, ngati tchati chaikidwa pa Last month ndi pa chipatala chimodzi, osati miyezi iwiri kapena dera lonse, komanso ngati wina sanasiye sefa yake pamwamba. Zinali bwino. Kenako tinatsegula nambala ija mu Data Visualizer ngati tebulo, n'kuigawa potengera zaka. Ana osakwana zaka zisanu: 1,690. Azaka zisanu kupita m'tsogolo: 1,180. Miyezi yonse yam'mbuyo ana ankakhala ochepera theka la odwala, ndiye izi zinaoneka zokhota nthawi yomweyo. Pa fomu yosainidwa panali ana 510, akuluakulu 1,180, onse pamodzi 1,690. Kalaliki analemba chiwerengero cha onse mu bokosi la ana, kompyuta n'kuphatikiza 1,690 ndi 1,180.

Taonani kuti kusiyana kwa 2,870 ndi 1,690 ndi 1,180, nambala yomwe ili kale pa fomu. Ichi ndi chizindikiro chothandiza kwambiri: chotserani nambala ziwiri zomwe zikutsutsanazo, muyang'ane yankholo. Likafanana ndi bokosi lina la pa fomu, bokosilo lawerengedwa kawiri kapena lasiyidwa. Likagawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti manambala awiri asinthana malo polemba, monga 1,960 m'malo mwa 1,690, pomwe kusiyana ndi 270. Nambala ikakhala yaikulu kakhumi, ziro waonjezereka.

Sitinalekere pa fomu. Fomu nayo imalakwa, ndiye ndondomeko ikuti mufike mu rejisita musanasinthe chilichonse. Muyeso womwe amagwiritsa ntchito oona za ubwino wa deta ndi uwu:

```
VF = recounted / reported
```

Ndiye kuti zomwe mwawerenganso mu rejisita, gawani ndi zomwe zinaperekedwa. Yankho la pakati pa 0.9 ndi 1.1 limatengedwa kuti n'lovomerezeka. Lochepera 0.9 likutanthauza kuti munapereka zambiri kuposa zomwe zili m'buku, loposa 1.1 ndiye kuti munapereka zochepa. Mu chitsanzo chathu 1,690 kugawa ndi 2,870 ikupereka 0.59. Ife awiri tikuona kuti malire amenewa ndi otakasuka kwa chipatala chimodzi. Pa odwala 1,690, kuphonya ndi 150 kukadali mkati mwa malire, koma amenewo ndi anthu a masiku awiri kapena atatu. Pathu pano tiyenera kufunsa chifukwa ngakhale yankho litakhala 0.97.

Nambala ikatsika mwadzidzidzi, kalondolondo wake ndi yemweyo koma zoyambitsa zimasiyana. Dashibodi ikakhala yopanda kanthu pomwe mu Data Entry manambala alimo, dikirani usiku umodzi. Ikakhalabe choncho tsiku lachiwiri, funsani chipatala choyandikana nacho: ngati kwawonso mwezi womwewo sukuoneka, matebulo sanamangidwe ndipo ndi nkhani ya a ku boma, osati yathu. Ngati ndi ife tokha, onani mwezi wotsatira kapena wam'mbuyo, mwina lipoti linalowa kumeneko. Nambala ikangotsika ndi gawo, werengani madeti mu rejisita muone ngati masiku onse a mwezi alimo. Ndipo funsani zomwe zinachitika pachipatala: mlatho unakokoloka, dokotala anali ku maphunziro sabata yathunthu, mankhwala anatha anthu n'kumapita kwina. Kutsika kwina ndi koona, ndipo sikufunika kukonzedwa koma kulembedwa chifukwa chake.

Za ziro ndi bokosi lopanda kanthu tinatsutsana kwa nthawi. DHIS2 imasunga ziro pokhapokha ngati bokosilo linakonzedwa kuti lizisunga ziro, apo ayi pa tebulo pamangooneka pambalambanda. Choncho malo opanda kanthu pa dashibodi sangakuuzeni ngati panalibe wodwala kapena palibe analemba. Pa fomu ya pepala tizilemba 0 nthawi zonse, osasiya mpata kapena kujambula kamzere.

Pokonza, yambani ndi pepala. Dulani nambala yolakwika ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, lembani yolondola pambali, deti ndi saini, a inichaji asainenso. Osapaka utoto wofufutira. Kenako sinthani mu Data Entry, ndipo mu bokosi la ndemanga lembani nambala yakale ndi chifukwa chake. DHIS2 imasunga mbiri ya bokosi lililonse, ndani anasintha komanso liti, n'chifukwa chake kubwerekana pasiwedi kumasokoneza: mbiri imaloza munthu yemwe sanagwire ntchitoyo. Ngati mwezi watsekedwa kale ndipo mabokosi sakulola kulemba, musaike kusiyanako mu mwezi wotsatira kuti chaka chidzakwane. Mukatero mwaononga miyezi iwiri. Tumizani chithunzi cha fomu yokonzedwa kwa oyang'anira deta ku boma kuti atsegule. Mukakonza, dikiraninso usiku umodzi musanayang'ane dashibodi.

Zofunika kuti mutigamulire pa msonkhano wathu ukubwerawu ndi ziwiri. Tikufuna dzina la munthu wachiwiri yemwe aziwerenga rejisita pamodzi ndi kalaliki, komanso womulowa m'malo akakhala pa tchuthi. Chachiwiri, tikupempha kope limodzi lachikuto cholimba lomwe lizikhala mu ofesi ya a inichaji, lolembamo mwezi, chiwerengero cha rejisita iliyonse, cha pa fomu, cha pa dashibodi, ndi deti lomwe tinaziona. Ndondomeko yonse taimata pakhoma pafupi ndi kompyuta, ndipo tiyamba kuitsatira ndi lipoti la mwezi uno.