Ukamakazonda amalume ako ku Bara

Mwana wanga,

Ndamva kuti amalume ako awachita opaleshoni ya matumbo ndipo ali ku chipatala cha Baragwanath. Wachita bwino kupempha tchuthi cha Loweruka. Koma mtima wako ndimaudziwa, udzafuna kukhala mpaka dzuwa kulowa, ndiye tamvera.

Kuno kwathu wodwala amakhala ndi womudwazika usana ndi usiku. Ku Joniko pali nthawi yoonera odwala, ikatha amakutulutsani. Ufunsiretu nthawiyo ndi nambala ya wodi, chifukwa Bara ndi mudzi wathunthu, ungathere nthawi yonse m'makonde. Nsima ndi nkhuku usanyamule. Matumbo akawagwira ndi mpeni amayamba agona kaye, ndiye madokotala amayambitsa munthu ndi timadzi, kenako zamadzimadzi. Ukaona pabedi palembedwa NPO, ndiye kuti asalawe kanthu, ngakhale akudandaulire ludzu chotani. Funsa anesi. Tenga sopo, mafuta odzola, tchaja ya foni ndi mayunitsi.

Ukafika usambe m'manja, ukhale pampando osati pabedi, unene kuti, "Mwaswera bwanji amalume?" Kenako ukhale chete, ayankhe okha. Usawafunse chimene adokotala apeza, poti oyandikana nawo akumva, ndipo mwina ndi nkhani imene sangauze mphwawo. Akafuna anena. Mawu akuti "mwaonda" uwameze. Za Amalawi amene amwalira kumeneko, ndi zosonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, zisatuluke pakamwa pako ngakhale mlendo wina aziyambe. Usawaseketsenso kwambiri, chifukwa kuseka kumakoka ulusi wa pabala.

Funso limene lingawathandize ndi ili: "Pali chimene mukufuna ndiwauze anesi?" Amalume ako Chizulu ndi Chingerezi zimawavuta, ndipo atha kugona ndi ululu usiku wonse osaitana munthu.

Mphindi 20 zakwana. Paja uli wamng'ono ndinadwala chibayo tikukhala ku Rosettenville, ku Joni komweko. Anzanga anabwera asanu m'kachipinda kathu kaja, nakhala maola atatu akuimba ndi kupemphera. Ankandikonda, sindikana. Koma ine ndinkafuna kupita kuchimbudzi, manyazi atandigwira, mpaka ndinalira atachoka. Wodwala wakwathu sathamangitsa mlendo, choncho uziyang'ana wekha. Akayamba kuyankha kuti "eee" basi, maso akutsinzina, kapena akungotembenukatembenuka n'kumayang'ana kukhomo, tsanzika. Mwina akufuna botolo lokodzera ndipo sangalipemphe iwe ulipo. Ngati akufuna pemphero, likhale lalifupi, la mawu apansi.

Potuluka usanene kuti ubweranso mawa ngati sutha. Tchula tsiku lenileni, chifukwa adzakhala akuliwerengera. Akawatulutsa, kuchipinda kwawoko usakadikire tiyi. Uchape zovala, uphike phala, uwasiye agone.

Ukakwera takisi yobwerera, undiimbire undiuze mmene wawaonera.

Ndine mayi ako.