Tisakanize masamu oyeserera, ana aphunzire kusankha njira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a masamu, makamaka amene tikukonzekeretsa ana a Sitandade 8 mayeso a MANEB. Ambirife tikaphunzitsa mutu umodzi, tinene wa phindu, timalemba masamu khumi aphindu pabolodi. Ana amakhoza pafupifupi onse, ife n'kuchonga mosangalala. Mawa lake timalowa mutu wina, ndipo za phindu zija zimadzaonekanso mayeso atayandikira. Kachitidwe kameneka kakutinamiza.

Samu iliyonse ili ndi ntchito ziwiri: kuzindikira njira yoyenera, kenako kuwerengetsa. Masamu onse khumi akakhala amtundu umodzi, ntchito yoyamba ija tawagwirira kale ana. Mwana akafika pa samu yachitatu sawerenganso funso, amangotola manambala n'kubwereza zimene wachita pamwambapo. Koma pepala la mayeso silimuuza kuti funso ili lachokera mutu uti.

Taonani mafunso awiri awa. Mayi wagula thumba la mbatata pa K8,000 n'kuligulitsa pa K10,000. Phindu lake ndi maperesenti angati? Wogulitsa malaya watsitsa mtengo kuchoka pa K10,000 kufika pa K8,000. Watsitsa ndi maperesenti angati? Manambala ndi omwewo, ndipo kusiyana kwake ndi K2,000 konsekonse. Pafunso loyamba timagawa K2,000 ndi mtengo wogulira, K8,000, ndipo yankho ndi 25 peresenti. Pafunso lachiwiri timagawa ndi mtengo woyambirira wa malaya, K10,000, yankho n'kukhala 20 peresenti. Mwana amene anachita masamu aphindu Lolemba, ndi otsitsa mtengo Lachinayi, sanakakamizidwepo kudzifunsa kuti, "Kodi apa ndigawa ndi nambala iti?" Lolemba ankagawa ndi yaing'ono nthawi zonse, Lachinayi ndi yaikulu. Mukamuikira mafunso awiriwa moyandikana, funso limenelo sangalithawe.

Vutoli limaoneka m'makope. Mwana akalemba 20 peresenti pafunso la mbatata, kugawa ndi kuchulukitsa akudziwa bwinobwino. Chimene chamusokoneza ndi kusankha njira. Kumupatsa masamu ena khumi aphindu lokhalokha sikungamuchize, chifukwa akakhozanso onse.

Izi zinafufuzidwa. Mu 2007, Doug Rohrer ndi Kelli Taylor a ku yunivesite ya South Florida ku America anaphunzitsa ophunzira a kukoleji kupeza kukula kwa m'kati mwa zinthu zinayi zooneka mosiyana. Poyeserera, amene ankachita mtundu umodzi pa nthawi anakhoza 89 peresenti, pomwe amene anasakaniziridwa anakhoza 60. Patatha sabata zinthu zinatembenuka: osakaniziridwa aja anapeza 63 peresenti, anzawowo 20 yokha. Kafukufuku wamkulu wa Rohrer ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 2020, anachitika m'makalasi 54 a giredi 7 kwa miyezi inayi. Pa mayeso odzidzimutsa amene analembedwa patapita mwezi, ana osakaniziridwa anapeza 61 peresenti, enawo 38.

Manambala a 89 ndi 60 ajawo ndi amene amandidetsa nkhawa. Mphunzitsi akayamba kusakaniza, malikisi a m'makope amatsika, ana amadandaula kuti masamu avuta, ndipo kholo kapena mphunzitsi wamkulu akhoza kuganiza kuti kalasi yalowa pansi. N'chifukwa chake ndi bwino kuwafotokozera onsewa tisanayambe, kuti pasakhale wobwerera m'mbuyo sabata yoyamba.

Sindikunena kuti tisakanize kuyambira tsiku loyamba. Njira yatsopano imafuna zitsanzo ndi masamu angapo amtundu womwewo mpaka mwana ataigwira. Kusakaniza zimene sanamvetse n'komwe kumangomubalalitsa. Kusakaniza kumabwera pambuyo pake, ndipo sikufuna buku lina. Pa masamu khumi okachitira kunyumba, anayi akhale a mutu walero. Asanu ndi limodzi otsalawo tengani m'mitu ya sabata yatha, mwezi watha ndi teremu yatha, m'buku lomwelo, ndipo musawasanje potsata mitu kapena kulemba dzina la mutu pamwamba. Sankhani dala amene ana amawasokoneza: phindu, kuluza, kutsitsa mtengo ndi chiwongoladzanja.

Kuchonga ntchito yotere m'kalasi yodzaza ngati zathuzi n'kolemetsa, ndikudziwa. Chimene chimathandiza ndi kukonzera limodzi pabolodi, ndipo pa samu iliyonse, tisanawerengetse, mwana mmodzi anene njira imene wasankha ndi mawu a m'funso amene amutsogolera. Ndikupemphanso olemba mabuku a masamu kuti ntchito zosakaniza azizimwaza m'buku lonse, chifukwa zikakhala kumapeto kokha timazifika mayeso ali pakhomo.

Mphunzitsi wa masamu,
Dedza