Dandaulo kwa eni galaja amene anandisinthira tebo pamene vuto linali payipi yong'ambika

Bambo manijala ndi inu eni galaja, ndalemba pano pagulu chifukwa ndafika ku ofesi kwanu kuno ku Lilongwe katatu, ndaimba foni kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ndikuuzidwa kuti abwana atuluka. Dzina la galaja yanu sinditchula, koma mukawerenga mudziwa kuti ndi nkhani ya Toyota Hilux yoyera ya dizilo imene ndinabweretsa kwa inu kumayambiriro kwa mwezi wa Malichi.

Vuto ndinaliona pochokera ku Salima nditanyamula matumba a mpunga. Pa zitunda zija zokwera kubwera ku Lilongwe, galimoto imene kale inkakwera ndi giya folo inayamba kulefuka mpaka kufuna giya thuu, ndipo ndikaponda moto pamamveka likhweru lakuthwa, lofanana ndi mpweya wothawa pa tayala lobooka. Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda bii. Ndikachotsa phazi likhweru linkatha, ndipo galimoto ikangolira itaima panalibe chachilendo chilichonse. Zonsezi ndinamufotokozera makaniko wanu mwatsatanetsatane. Iye analumikiza kamakina kake kopimira galimoto, kanaonetsa nambala ya vuto `P0299`, kenako anavula payipi imodzi, kupisamo chala, kundionetsa oyilo wakuda, n'kunena kuti, "Bwana, tebo yatha iyi." Kufufuza konse kunathera pomwepo, ndipo sikunakwane mphindi 15.

Ndinalipira K1,650,000 ya tebo yogwirapo kale ntchito pamodzi ndi ndalama ya ntchito yanu, lisiti ndili nalo. Tsiku lotsatira ndikupita ku Dedza, ndisanafike n'komwe pa Nathenje, likhweru lija linayambiranso, utsi uli womwewo.

Ndinapita kwa makaniko wina, bambo wachikulire amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, ndipo zimene anachita ndi zimene ndikufunsa kuti inu munazilekeranji. Poyamba anandiuza kuti `P0299` satanthauza kuti tebo yafa, amangonena kuti mpweya umene ukufika mu injini ndi wochepa mphamvu poyerekeza ndi umene kompyuta ya galimoto ikuyembekezera, ndipo chochititsa chikhoza kukhala paliponse kuyambira pa tebo, m'mapayipi, pa intakula mpaka polowera mu injini. Tebo imazunguzidwa ndi utsi wa ekizozi n'kumapanikiza mpweya. Mpweyawo umatentha, choncho umadutsa mu intakula kuti uzizire usanalowe mu injini. Pakakhala pobooka panjira imeneyi mpweya umathawa, pamene sensa yoyeza mpweya inauwerenga kale polowera ndipo kompyuta yathira dizilo wolingana ndi mpweya wonsewo. Dizilo akachuluka kuposa mpweya sapsa bwino, n'chifukwa chake utsi umada ndipo mphamvu zimathawa.

Atatero anavula payipi yochokera ku sefa ya mpweya, anatseka kukamwa kwa tebo ndi chivindikiro chokhala ndi valavu ya tayala, n'kupopa mpweya pang'onopang'ono ndi kompuresa mpaka geji inayandikira 1 bar, injini ili yozimitsa. Singano ya geji inatsika nthawi yomweyo. Anawaza madzi a sopo wochapira mbale m'malo onse olumikizira, ndipo pa payipi ya labala yochoka pa tebo kupita ku intakula, mbali ya pansi pafupi ndi kilampu, thovu linatukusira ngati mphika wa thobwa. Atavula payipiyo n'kuifinya ndi manja, mng'alu wotalika pafupifupi masentimita 4 unayasama. Akaisiya unkatsekeka bwinobwino, moti poyang'ana ndi maso okha simungauone, ndipo ndicho chifukwa chake likhweru linkamveka pokhapokha tebo ikapanikiza mpweya pa chitunda. Komabe chizindikiro chinalipo poyera: chitsulo choyandikana ndi malowo chinali chitamatirira fumbi lonyowa ndi oyilo, lowazika mozungulira ngati pamene papoperedwa utoto. Anyamata anu anavula ndi kubwezera payipi yomweyi pamene ankasintha tebo, ndiye ndikulephera kumvetsa kuti anaigwira bwanji osaona.

Kunena za oyilo amene makaniko wanu anandionetsa pa chala, ndaphunzira kuti kanyontho kotere kamapezeka m'mapayipi a injini zambiri za dizilo zimene zayenda mtunda wautali, chifukwa nthunzi ya oyilo yochokera mu injini imabwezedwa polowera mpweya. Oyilo wosonyeza kuti tebo yatha ndi uja wodikha mu intakula mpaka kutsanulika, ndipo amabwera pamodzi ndi utsi wobiriwira ngati mtambo komanso kutsika kwa oyilo pa ndodo yopimira. Galimoto yanga inalibe ngakhale chimodzi mwa izi. Kulira kwa tebo yotha n'kosiyananso: imalira ngati sayirini ya ambulansi, mawu ake akukwera ndi kutsika motsatana ndi injini, osati kufwenkha kwa mpweya kumene ine ndinakufotokozerani. Njira yotsimikizira sidya ndalama, ndi kungogwira kamtanda ka pakati pa mapiko a tebo ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono m'mbali n'kololedwa poti kamtandako kamayandama pa oyilo, koma sikayenera kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo momveka m'zala, ndipo mapiko sayenera kukhula khoma la chitsulo. Palibe amene anachita zimenezi pa tebo yanga ine ndikuona.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti makaniko wachikulire uja atapima motero tebo imene munandigulitsa, ndiyo inapezeka yotha. Kamtanda kake kakuyenda kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kumveka kugogoda, nsonga za mapiko awiri n'zodyeka, ndipo m'kati mwa khoma muli mizere yowala pamene mapiko akhala akukhula. Mwina munganene kuti yawonongekera m'manja mwanga, popeza n'zoona kuti tebo ikamagwira ntchito payipi ili yobooka imazungulira mopitirira muyezo pofuna kukwaniritsa mpweya umene ukuthawa, ndipo imatha msanga. Koma ndinayenda nayo makilomita osakwana 200, ndipo ngakhale zitakhala choncho, amene anaibwezera payipi yong'ambikayo n'kundiuza kuti galimoto yachira ndi inu nomwe. Tapezanso kuti kapayipi kopititsa oyilo ku tebo simunakatsuke kapena kukasintha, kakadali ndi makala m'kati, pamene tebo imazungulira kopitirira maulendo 100,000 pa mphindi imodzi ndipo oyilo akachepa ngakhale kanthawi kochepa imalumala.

Payipi yatsopano ndi makilampu awiri zandidyera K95,000, ndipo likhweru lija latha, utsi wakuda watha. Chatsala ndi kulira kwa sayirini kumene galimoto yanga inalibe isanalowe pageti panu, ndipo ndikuopa kuiyendetsa mtunda wautali chifukwa phiko likathyoka zidutswa zake zikhoza kulowa mu injini.

Pempho langa ndi lakuti mundibwezere tebo yanga yakale, imene ndinaifunsa tsiku lotenga galimoto n'kuuzidwa kuti ili m'sitolo ndipo wosunga makiyi wapita kumaliro. Tikaipime pamodzi, pamaso pa makaniko amene tonse tingagwirizane. Ikapezeka kuti ili bwino, muibwezere m'galimoto mwaulere, mutenge yanuyo, ndipo mundibwezere K1,650,000 yanga yonse. Ngati munaigulitsa kwa munthu wina, nenani zoona kuti tikambirane zogula ina. Payipi yong'ambikayo ndaisunga, pamodzi ndi lisiti komanso kanema wa thovu lija. Ndikudikira yankho lanu mpaka Lachisanu sabata ino, ndipo mukapanda kuyankha, Lolemba m'mawa ndikatula nkhaniyi ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.