Ndiwakane bwanji amalume amene anandiphunzitsa?

Zikomo Anankungwi,

Ndikulemba usiku, ana agona koma ine tulo sitikubwera. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Machinjiri ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe.

Lamlungu amalume anga a ku Ndirande anabwera kunyumba atanyamula nthochi. Titatha kudya ndi pamene anaiyamba nkhani. Akufuna ndiwabwereke K400,000 awonjezere pogulira mwana wawo njinga yamoto ya kabaza, ati adzabweza ikayamba kulowetsa ndalama. Tsiku sanatchule.

Ndalamayo ndili nayo, ndisaname. Ku banki m'khonde tagawana Disembala yemweyu ndipo ndalandira K520,000. Koma fizi ya Januwale ikuyang'ana pomwepo, belo loyambira chaka pomwepo. Palinso kangongole kena kamene bambo a kunyumba sakukadziwa, imeneyo tisaikambe.

Amalumewa ndi amene anandilipirira Folomu 3 ndi Folomu 4 bambo anga atamwalira. Sindinaiwale, ngakhale akazi awo amandikumbutsa pamaliro paliponse ngati ndinakana. Komatu mu 2022 ndinawabwereka K80,000 ya feteleza, mpaka lero zii. Kwacha inagwa mu Novembala 2023, moti ngakhale atabweza mawa, ndalamayo singagulenso zimene ikanagula nthawi ija. Sindinawafunsepo. Chimandiwawa n'chakuti Lamlungulo sanaitchule n'komwe, ngati inagwera m'chitsime. Ndipo mnyamatayo ndi yemwe uja anabwereka wailesi yanga pachinkhoswe n'kuibweza yopanda chingwe, osapepesa.

Pamene ndalakwa ndi apa. Ndinachita manyazi, ndinawauza kuti sitinagawane. Ndinaiwala kuti mng'ono wa akazi awo tili gulu limodzi. Kuyambira Lachiwiri moni wanga pa WhatsApp akungowerenga osayankha. Amayi kumudzi andiimbira kale, ati "mwana wa Bulantaya wayamba kudzimva". Ine kudzimva? Amene ndimatumiza ya sopo mwezi ndi mwezi?

Mnzanga wa pabenchi akuti ndisakane pafoni. Ndipite ku Ndirande ndi shuga, ndikhale pansi, ndinene kuti ndalama ilipo koma ili kale ndi ntchito, kenaka ndiwapatse K50,000 yongowathandiza, yosabweza. Akuti ndikayamba kuwawerengera fizi ndi mtengo wa belo, adzandipezera njira okha, amvekere lipira theka, belo udzaoda Febuluwale. Bambo a kunyumba akuti ngakhale tambala ayi.

Ndiye ndithandizeni. Bodza lija ndilivomere poyamba, kapena ndingolisiya? K50,000 kwa munthu wopempha K400,000 si chipongwe? Za K80,000 ija ndizitchule, kapena ndingoti ndinakhululuka pamene mumtima sindinatero? Ndipite ndekha kapena ndidikire amayi abwere? Mwana wanga wamkazi akadzapeza banja, ankhoswe ake adzachokera khomo lomwelo. Komanso ngongole ya Folomu 4 imeneyi, kodi imatha liti?

Ine wothedwa nzeru,
Machinjiri, Blantyre